Bafa loima palokha: yambani mwapima pansi, paipi ndi mpata musanakagule

Achemwali anga ndi alamu anamanga nyumba yawo kuno ku Kasungu pang'onopang'ono, chaka chilichonse akagulitsa fodya ndi soya ankawonjezerapo kenakake. Atafika pokonza chipinda chosambira, achemwali anabwera kuchokera ku Lilongwe ali ndi chithunzi mu foni. Linali bafa loyera, lozungulira ngati dzira, loima lokha pakati pa chipinda popanda njerwa kapena matailosi ozungulira m'mbali. "Achimwene, ine ndikufuna limeneli. Mudzatiikira liti?" Ine ntchito yanga ndi ya mapaipi, choncho sindinayankhe za tsiku. Ndinatenga tepi ndi choko, tinalowa m'chipindamo tonse atatu.

Zimene tinapeza tsiku limenelo ndi zimene ndikufuna kuyala pano, chifukwa mafunso ake ndi omwewo m'nyumba zambiri za ku Kasungu ndi ku Mchinji. Bafa wamba lija timalikhazika pakona n'kulimangira njerwa limabisa zolakwa zambiri: paipi ikaphonya pang'ono, njerwa zimaphimba. Bafa loima palokha silibisa kanthu. Pansi pake, kumbuyo kwake ndi paipi yake zonse zili poyera, ndiye chipinda ndi chimene chiyenera kusankha bafa, maso abwere pambuyo.

Tinali ndi mitundu inayi yoti tiyerekeze. Loyamba ndi la dzira lija, lopangidwa ndi akiriliki, pulasitiki yolimba yonyezimira imene amailimbitsa kunsi ndi ulusi wa galasi. Lachiwiri linali lachitsulo chosungunula lamiyendo inayi, lakalekale, limene alamu analiona kwa munthu wina amene ankaphwasula nyumba yakale. Lachitatu ndi la akiriliki lomwe, koma lophwatalala kumbuyo kuti ligunde khoma, kutsogolo kokha n'kumene limaoneka ngati loima palokha. Lachinayi linali ganizo la mmisiri womanga, loti aumbe bafa la konkire pomwepo n'kulisalaza. Palinso ena opangidwa ndi ufa wa miyala wosakaniza ndi utomoni, olimba bwino koma olemera ndiponso okwera mtengo kwambiri. Amenewo sitinawaganizire n'komwe.

Kulemera ndi pansi

Anthu ambiri amafunsa kulemera kwa bafa lopanda kanthu, koma katundu weniweni ndi madzi. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Bafa lotalika masentimita 170 limalowa malita oposa 200 lisanafike pa kabowo kotayira madzi osefukira, ndipo munthu wokonda madzi ambiri amathira malita pafupifupi 170. Tiwerengere munthu wa makilogalamu 80. Bafa la akiriliki palokha limalemera makilogalamu pakati pa 35 ndi 50, titenge 45. Zonse pamodzi ndi makilogalamu 295, kapena kuti matumba asanu ndi limodzi a simenti. Lachitsulo chosungunula nthawi zambiri limalemera pakati pa 120 ndi 180, titenge 150, ndiye zonse zimafika makilogalamu 400, matumba asanu ndi atatu. La konkire limaposa pamenepo ndithu, chifukwa lisanalandire ndi dontho lomwe limatha kudutsa makilogalamu 300.

Silabu yabwino yapansi, ya konkire yokhuthala masentimita 10, yothiridwa pa dothi ndi miyala yotsenderedwa bwino, matumba asanu ndi atatu sayiopsa. Pa silabu yotero mukhoza kuika mtundu uliwonse mwa inayi ija mtima uli m'malo. Vuto ndi lakuti nyumba zathu zambiri zilibe silabu yotero. Mmisiri amathira dothi m'fawundeshoni, amayala njerwa zowotcha, kenaka amapaka simenti ya masentimita atatu kapena anayi pamwamba. Poyenda munthu, pansi potero pamakhala zaka zambiri osadandaula. Koma ngati dothi lija silinatsenderedwe mokwanira, kapena chiswe chadya kunsi, kapena nyumba ili kufupi ndi dambo kumene dothi lamakande limafufuma m'dzinja n'kung'aluka m'chilimwe, pansipo pamakhala mphako imene maso saiona.

Apa m'pamene kusiyana kwa mabafa kumaonekera. La akiriliki limakhala pa timiyendo tosinthika tobisika mkati, ndipo mkombero wake wapansi umagunda matailosi mozungulira, choncho katundu amagawika. Lachitsulo limaika makilogalamu 400 onse pa miyendo inayi, mwendo uliwonse makilogalamu 100, matumba awiri a simenti pa kamalo kochepa ngati bokosi la machesi. Ndili wachinyamata pa ntchitoyi ndinaikapo bafa lotere pa nyumba ina yogona alendo osayamba ndayesa matailosi. Patapita milungu yochepa anandiitana: tailosi ya pansi pa mwendo umodzi inali itang'aluka mizere itatu kuchokera pamwendopo, bafa litapendekera pang'ono, ndipo polumikiza paipi pakudontha. Titachotsa tailosiyo tinapeza kuti woika matailosi anangoika timadontho ta simenti m'makona anayi ndi pakati, kwina konse kunali mphako. Zinandipweteka mtima, chifukwa kuyesa kwake kukanangotenga mphindi zisanu.

Kuyesako n'kosavuta. Tengani chogwirira cha sikuludiraiva kapena ndalama yachitsulo, gogodani pansi pang'onopang'ono pamalo onse pamene bafa lidzakhale. Pansi podzaza pamamveka mawu afupi, olimba. Pamene pali mphako pamalira ngati ng'oma yaing'ono, phophopho. Yang'ananinso ming'alu yoyenda motsatira khoma, ndi timizere ta dothi la chiswe m'makona. Kenaka goneketsani levulo yaitali mbali zonse ziwiri. Chipinda chosambira chimapendekera dala kuti madzi aziyenda, koma ngati kupendekako kukuposa sentimita imodzi pa kutalika kwa bafa, la miyendo yachitsulo lidzagwedera chifukwa miyendo yake sisinthika, pomwe la akiriliki limalola kukweza kapena kutsitsa timiyendo take.

Mukapeza kuti pansi ndi njerwa zoyala, sikuti nkhani yatha. Pamalo pa bafa pokha mukhoza kufukula, kutsendera dothi ndi miyala ya kwale, kuyala pepala lakuda la pulasitiki, n'kuthira konkire ya masentimita 10 yokhala ndi waya wa meshi, kukula kwake kupitirira bafa ndi masentimita 15 mbali zonse. Ipatseni masiku osachepera asanu ndi awiri mukuithirira madzi musanaike matailosi.

Nyumba zosanjikiza zayamba kuchuluka m'tauni, ndiye ndinenepo pang'ono. Silabu ya pamwamba m'nyumba yokhalamo anthu kawirikawiri imawerengeredwa kusenza makilogalamu 150 mpaka 200 pa sikweya mita iliyonse. Bafa lachitsulo lodzaza, makilogalamu 400 pa malo a mamita 1.7 ndi 0.8, limafika pafupifupi 290 pa sikweya mita. Zimenezi sizitanthauza kuti silabu igwa, chifukwa chiwerengero chija ndi cha chipinda chonse ndipo kwina konse kumakhala kopepuka. Koma zikutanthauza kuti funsolo si la wa mapaipi kapena wa njerwa. Funsani injiniya amene anawerengera zitsulo za silabuyo, ndipo bafa likhale kufupi ndi khoma losenza kapena pamwamba pa bimu, osati pakati pa silabu. Pa pansi pa matabwa, ine lachitsulo ndi la konkire sindiika.

Kwa achemwali, alamu anali ndi zithunzi za tsiku lothira konkire, ndipo pogogoda panalibe mphako. Kulemera sikunachotse bafa lililonse pa mndandanda. Chimene chinayamba kuwachotsa ndi paipi.

Pamene madzi adzatulukire

Chipindacho pa pulani chinali masentimita 200 ndi 280. Pulasitala anali atapaka kale, matailosi asanaike, ndiye titachotsera zonsezo, pafupifupi masentimita atatu khoma lililonse, tinatsala ndi 194 ndi 274. Malo a bafa anali ku khoma lalifupi, la zenera, limene ndi khoma lakunja. Wothira silabu anasiya paipi ya mamilimita 50 pakona yakumanzere, masentimita 20 kuchokera ku khoma la m'mbali ndi 35 kuchokera ku khoma la zenera. Iye sanalakwe, anaika pamene bafa wamba limafuna, chifukwa bafa wamba limatulutsira madzi kumapeto, kumiyendo kwa wosamba.

Bafa la dzira limatulutsira pakati. Titalijambula ndi choko, bowo lake linagwera masentimita 97 kuchokera ku khoma la m'mbali ndi 55 kuchokera ku khoma la zenera. Paipi yomwe inalipo inali kutali ndi masentimita pafupifupi 80. Alamu anafunsa funso limene aliyense amafunsa: "Bwanji osangolumikiza ndi kapaipi kopindika kaja kamabwera ndi bafa, kadutse kunsi?" Yankho lili pa maonekedwe a bafalo. Pamwamba ndi lotalika masentimita 170, koma limanka lichepa potsika, ndipo pansi pake pamatha kukhala masentimita 120 okha. Paipi ya pakona ija ikanakhala kunja kwa thupi la bafa, ikuonekera, ndipo kuti muilumikize mukanayenera kuboola chikopa cha bafa latsopano. Choncho pogula, musafunse kutalika kwa pamwamba kokha. Pimani pansi pake, pimani pamene bowo lili kuchokera kumapeto ndi m'mbali, ndiponso mpata umene uli pakati pa bowolo ndi pansi, umene nthawi zambiri umakhala masentimita 10 mpaka 15. Mumpata umenewo ndi mmene muyenera kukwana thirapu, kapaipi kokhota kosunga madzi pang'ono kuti fungo ndi mphemvu zisabwerere m'nyumba.

Kapaipi kopindika kaja ndili nako mawu. N'kothandiza polumikiza, chifukwa bafa limakwezedwa pang'ono, n'kulumikiza, n'kulitsitsa. Koma kakatalika kamagona pansi mopindikapindika, tsitsi ndi sopo zimakodwa m'makwinya ake, ndipo pakatha miyezi ingapo madzi amayamba kutuluka mwaulesi. Chizindikiro chake ndi bafa limene poyamba linkauma m'mphindi zinayi kapena zisanu koma tsopano likutenga khumi, likulira kulukulu pomaliza. Kakhale kafupi mmene mungathere, ndipo kotsalako kakhale paipi yolimba yomatidwa ndi guluu. Paipi yolimbayo itsike masentimita awiri ndi theka pa mita iliyonse. Ikatsika mochepera, madzi amagona m'njira.

Kuti la dzira litheke, njira zinali ziwiri. Yoyamba, kudula silabu ndi galayinda kuchokera pakati pa bafa kulunjika ku khoma lakunja, ngalande ya masentimita 55 m'nyumba, kuboola khoma la masentimita 23, n'kukafika pa kabokosi ka simenti kolandira madzi akuda panja. Mtunda wonse ndi mita imodzi ndi pang'ono, kutsika kwake masentimita atatu. Ntchitoyi ndi yotheka, ndipo matailosi asanaikidwe siyodula kwambiri. Koma ngalandeyo imapyola silabu yonse, imang'amba pepala lakuda lotchinga chinyezi, ndi kusokoneza dothi lothiridwa mankhwala a chiswe. Zonsezo ziyenera kubwezeretsedwa, apo ayi chinyezi ndi chiswe zidzapeza khomo pansi pa bafa penipeni, pamene simuonapo. Njira yachiwiri ndi kumanga kansanja ka konkire ka masentimita 12 kapena 15 kuti paipi idutse mkati mwake silabu osaikhudza. Njirayi sindiikonda m'nyumba yokhala ndi ana kapena okalamba. Mkombero wa bafa loima palokha umakhala kale masentimita 55 mpaka 60 kuchokera pansi. Mukawonjezera sitepe, munthu wonyowa mapazi akutuluka amaponda pansi patali kuposa mmene mwendo ukuyembekezera, ndipo pamenepo m'pamene anthu amagwera.

Lachitsulo lamiyendo lija pa nkhani ya paipi linali losavuta, chifukwa bowo lake lili kumapeto ndipo kunsi kwake kuli poyera, dzanja limafika paliponse. Likadontha mumaona tsiku lomwelo. Kuipa kwake n'komweko: paipi ndi thirapu zimaonekera, ndiye mukaika za pulasitiki yoyera zimanyansitsa bafa lonse, ndipo zonyezimira zake ziyenera kukagulidwa ku Lilongwe. Komanso la alamu lija titakaliona, penti yake yolimba yoyera ija inali itasweka mozungulira bowo ndipo dzimbiri linali litalowa kunsi kwake. Pamalo pamenepo labala yotseka sigwira bwino, kudontha sikutha. Amene akugula lakale ayang'ane pamenepo poyamba, ndi pomangira miyendo ngati palibe mng'alu, chifukwa chitsulo chosungunula chikang'aluka ndi chovuta kuwotcherera.

La konkire linagwa pa chifukwa china. Paipi ndi thirapu zimakwiririka mkati mwake mpaka kalekale, ndiye tsiku limene zidzatsekeke kapena kudontha, kukonza kwake ndi kuswa. Konkire imamwanso kutentha kwa madzi mofulumira, ndipo ikapanda kutsekedwa bwino imayamba timing'alu timene timasunga litsiro. Pali amisiri amene amaumba mabafa okongola, koma ngati wanu sangakuonetseni limene anaumba zaka zitatu zapitazo likugwirabe ntchito, musamupatse chipinda chanu kuti aphunzirirepo.

Logunda khoma lija ndi limene linathetsa vutoli mosavuta. Kumbuyo kwake kuli mphako yotseguka yoyang'ana khoma, ndiye thirapu ndi paipi zimayenda pamwamba pa silabu, zobisika, n'kuboola khoma lakunja molingana ndi pansi. Popeza fawundeshoni ya nyumbayo inakwera masentimita 30 kuchokera pabwalo, paipi inali ndi kotsikira. Silabu sitinaidule.

Madzi olowa

Pa chithunzi cha achemwali panali mpopi wautali woima pansi pambali pa bafa. Mpopi wotero umafuna mapaipi awiri, wa madzi ozizira ndi wa otentha, odutsa mkati mwa silabu kukatulukira pamalo enieni, ndipo tsinde lake limamangidwa ndi mabawuti mu konkire. Likagwedera, polumikiza pamadontha pansi pa matailosi. Koma chachikulu ndi mphamvu ya madzi. Pa mabokosi a mipopi yambiri yotere pamalembedwa kuti imafuna `1 bar` kapena kuposa. Mphamvu imeneyo ndi yofanana ndi thanki imene ili mamita khumi pamwamba pa mpopi. Kuno madzi a Central Region Water Board, ochokera ku damu la Chitete, nyumba zambiri zimayamba zawasunga mu thanki kuti zikhale nawo nthawi imene mipopi yauma, ndipo kwa amene ali ndi mjigo wa pampu ku Santhe, Chamama kapena ku Kamwendo ku Mchinji nkhani ndi yomweyo. Thanki ya alamu ili pa nsanja ya mamita asanu ndi limodzi. Kuchotsera kutalika kwa mpopi, patsala mamita asanu, theka la mphamvu imene mpopi uja umafuna.

Musakhulupirire maso, yesani ndi ndowa. Ikani ndowa ya malita 20 pa mpopi wa m'chipindamo kapena woyandikana nawo, yang'anani nthawi pa foni. Ikadzaza m'mphindi imodzi, malita 150 adzalowa m'bafa m'mphindi zisanu ndi ziwiri ndi theka, zomwe zili bwino. Ikatenga mphindi ziwiri ndi theka, ndiye kuti mpopi ukupereka malita asanu ndi atatu pa mphindi, ndipo bafa lidzatenga pafupifupi mphindi 19. M'mwezi wa Juni kapena Julayi, mphepo ya mwera ikulowa pa zenera, madziwo amayamba kuzizira bafa lisanadzaze. Pa madzi a thanki, mipopi iwiri wamba ya pakhoma yokhala ndi paipi ya mamilimita 22 imadzaza msanga kuposa mpopi wokongola wokhala ndi timapaipi topyapyala mkati. Ichi ndi chifukwa china chimene logunda khoma limapambanira: mpopi wa pakhoma umafika m'bafa mosavuta. Pa la dzira lotalikira khoma ndi masentimita 15, mlomo wa mpopi uyenera kudumpha mpatawo ndi mkombero womwe, choncho umafunika kutalika masentimita 25 kapena kuposa, ndipo mipopi yotero sipezeka m'hadiweya iliyonse.

Werengeraninso madzi otentha. Kuti mupeze malita 150 ofunda madigiri 40, mumasakaniza malita 75 a madigiri 60 ochokera mu giza ndi malita 75 a madigiri 20. Kutenthetsa malita 75 amenewo kumadya mayunitsi atatu ndi theka a ESCOM. Giza ya malita 150 imakwanitsa bafa limodzi bwinobwino, lachiwiri motsatizana limavuta. Ya malita 50 sikwanitsa ndi limodzi lomwe. Bafa lachitsulo la makilogalamu 150 likakhala lozizira limalanda madzi madigiri pafupifupi awiri poyambirira, pamene akiriliki salanda kanthu kwenikweni. Ndipo malita 150 ndi ndowa zisanu ndi ziwiri ndi theka: thanki ya malita 1,000 imauma pakangosamba anthu asanu ndi mmodzi. Mu Okutobala ndi Novembala chiwerengero chimenechi chimamveka bwino. Madzi onsewo amatulukanso nthawi imodzi, ndiye ndi bwino apite ku dzenje lawolawo la miyala, asakasokoneze thanki ya chimbudzi.

Kwa amene amatenthetsa madzi pa mbaula magetsi akazima: musathire madzi owira mwachindunji m'bafa la akiriliki. Yambani ndi ozizira, otentha abwere pamwamba pake. Ndipo sitiliwulo, mchenga kapena phulusa zisafike pa bafa limeneli, zimachotsa kunyezimira kwake kosabwereranso. Nsalu yofewa ndi sopo wamadzi n'zokwanira.

Mpata wozungulira

Apa ndi pamene achemwali anasinthira maganizo, osati chifukwa cha mawu anga. Tinadula katoni yaikulu molingana ndi bafa la dzira, masentimita 170 ndi 80, n'kuigoneka pansi. M'chipinda cha masentimita 194, mbali iliyonse munatsala 12. Ndinawapatsa mopu, ndinati, "Achemwali, takolopani kuseriko." Mutu wa mopu sunalowe. Anagwada kuyesa ndi dzanja, ndipo anaona okha kuti bafa lenileni, lotalika masentimita 60 kuchokera pansi, likanawatchinga phewa. Kuseri kwa bafa loima palokha kumagwera madzi tsiku lililonse, makamaka ana akamasamba, ndipo malo amene nsalu sifika amamera chuku ndi ndere, amanunkha, n'kukhala nyumba ya mphemvu. Masentimita 10 ndi mpata umene dzanja limangolowa movutikira. Masentimita 15 ndiwo wochepetsetsa umene ndimavomera, ndipo 20 ndiwo umalola mopu. Kuti bafa lioneke ngati la pa chithunzi, loti munthu n'kulizungulira, pamafunika masentimita 50 kapena 60 mbali zonse, chipinda chachikulu ngati chogona.

Kutsogolo, kolowera ndi kopukutira thupi, siyani masentimita 70. La dzira likanatenga 15 kumbuyo, 80 thupi lake ndi 70 kutsogolo, zonse 165 pa 274. Chimbudzi, sinki ndi chitseko zikanapanikizana pa 109 otsalawo. Logunda khoma la masentimita 160 ndi 75 linasiya 17 mbali iliyonse, kumbuyo kopanda mpata woti n'kukolopa chifukwa timamata ndi silikoni, ndipo linabweza masentimita 20 kutsogolo. Wina akhoza kudandaula kuti 160 ndi lalifupi. Lowani m'bafalo ku sitolo komweko, vulani nsapato mukhalemo. Chofunika ndi kutalika kwa mkati pansi, ndipo mabafa ena a 170 okhala ndi makoma opendekera kwambiri amakhala aafupi mkati kuposa a 160 oongoka. Muli momwemo, dinikizani pansi ndi m'mbali ndi chikhatho: akiriliki wopyapyala amabonyoka n'kulira, wabwino samva kanthu.

Chitseko nachonso chipimidwe. Mafelemu athu ambiri amasiya masentimita pakati pa 75 ndi 80. Bafa la masentimita 80 m'lifupi limalowa chogonera m'mbali, popeza kutalika kwake kuchokera pansi ndi 60, koma liyenera kukhota kuchokera mu kolido, ndipo mu kolido ya mita imodzi bafa la 170 nthawi zina limalowa choimirira basi. Anthu awiri amaimiritsa la akiriliki mosavuta. Lachitsulo limafuna amuna anayi, ndipo likawapulumuka limaswa matailosi kapena phazi la munthu. Soketi kapena switchi isakhale mkati mwa masentimita 60 kuchokera pa mkombero wa bafa. Ndipo ngati m'nyumba muli agogo, bafa loima palokha lilibe pogwira polimba: la akiriliki ndi lopepuka moti munthu akalitsamira mwamphamvu lopanda madzi likhoza kusuntha n'kuthyola polumikiza paipi. Limatidwe pansi ndi silikoni mozungulira, pakhoma paikidwe chogwirira chachitsulo, ndipo shawa yapayokha isachotsedwe. Kusamba ndi shawa mutaimirira m'bafa la dzira kumamwaza madzi mbali zonse, kuphatikizapo kuseri kuja mopu sinafike.

Ndikanakhala kuti ndinafika silabu isanathiridwe, ndipo chipinda chikanakhala mamita awiri ndi theka m'lifupi, la dzira ndikanaliika mosangalala, paipi itakhazikidwa pamalo ake kuyambira pachiyambi molingana ndi miyeso ya bafa logulidwa kale. Lachitsulo ndimalikonda pa kukhalitsa kwake, ndipo pa silabu yapansi yolimba, matailosi odzazidwa bwino kunsi, ndi giza yaikulu, palibe lolipambana. Koma m'chipinda cha achemwali, logunda khoma ndilo linagwirizana ndi paipi, thanki ndi mpata.

Analigula ku Lilongwe. Ndinawauza kuti alitsegule m'katoni asanalipire, aone ming'alu m'mphepete ndi mozungulira bowo, ndipo atenge thirapu ndi chotsekera madzi cha bafa lomwelo tsiku lomwelo, chifukwa mabafa a zikopa ziwiri amafuna chotsekera chachitali chimene kuno sichipezeka wamba. Linabwera pa galimoto ya pikapu litagonekedwa pa matiresi akale, mtunda wa makilomita pafupifupi 130 wa msewu wa M1, zingwe zitadutsa pa mabulangete kuti zisakande. Matailosi tinaika chipinda chonse, pansi pa bafa pomwe, modzaza bwino. Paipi ya pakona ija sitinaitseke: tinaiikira thirapu ndi kasefa, n'kukhala potulukira madzi otayika pansi, pambali pa bafa pamene madzi amakonda kusonkhana.

Tisanamate silikoni tinadzaza bafa mpaka pa kabowo kosefukira, titayala nyuzipepala youma kunsi kwa thirapu, n'kulisiya ola lathunthu. Kenaka tinatsegula kuti madzi onse atuluke mwamphamvu, alamu ali panja kuona ngati kabokosi kolandira madzi sikakusefukira. Titasuntha bafa pang'ono n'kusolola nyuzipepala, panali kadontho kamodzi kakakulu ngati ndalama ya K10, kochokera pa nati ya thirapu imene labala yake inapindika. Tinaikhazika bwino, tinayala nyuzipepala ina, tinadzazanso. Ulendo wachiwiri inatuluka youma. Tinamata silikoni kukhoma madzi ali m'bafa kuti likhale litatsika kale ndi kulemera kwake, ndipo ndinauza achemwali kuti ana asalowemo kufikira mawa lake madzulo.